Mlembi mmodzi, mapepala ambirimbiri: momwe mungasanjire marefarensi osasokonezeka

Sabata yatha mng'ono wanga wina yemwe akumaliza digiri ya zachuma ananditumizira thesisi yake kuti ndiyiwone asanakapereke, uthenga wake unali woti "achimwene ingoyang'anani marefarensi okha, supavaiza wazunguliza ndi bolopeni yofiira tsamba lonse koma sananene kuti vuto ndi chani". Nditatsegula ndinapeza kuti mayina alembedwa bwino, zaka zili bwino, mabulaketi ali m'malo mwake, vuto linali pamalo amodzi basi, pomwe mlembi mmodzi wabwera maulendo 12 motsatizana. Iye anangowasanja potengera chaka, kuyambira chakale kutsika mpaka chatsopano, osayang'ana kuti pepala ili analemba yekha kapena analemba ndi anzake. Zimaoneka zanzeru ndithu koma si mmene APA, sitayilo yolembera marefarensi, imafunira.

Ndiye ndati ndilembe mmene ndimachitira ineyo. Ndikamba za APA ya nambala 7, yomwe inatuluka kumapeto kwa 2019, poti ndi imene ambiri akuuzidwa kuti agwiritse ntchito, ndipo ngati muli nalo buku lake lamalamulo nkhaniyi ili pa gawo 9.46. Masitayilo ena amasiyanako, ndinenako pang'ono kumapetoko.

Chinthu chimodzi choti mugwire musanayambe ndi ichi: chaka ndi chomaliza kuyang'ana. Mayina ndiwo amayamba, onse, mmodzimmodzi kuchokera kumanzere, ndipo chaka chimalowa pokhapokha mayina afanana ndendende mpaka kumapeto. Zina zonse zomwe ndinene pansipa ndi ana a mfundo imeneyi.

Tigwiritse ntchito chitsanzo chenicheni, mlembi yemwe anali m'thesisi ya mng'ono wanga uja. Daniel Kahneman, uja anapata mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2002 ngakhale iye anali wa maphunziro a kaganizidwe ka anthu, analemba yekha, analembanso ndi anthu osiyanasiyana kwa zaka zoposa 50, ndiye aliyense wolemba za mmene anthu amapangira ziganizo pa nkhani ya ndalama amakumana naye basi. Tiyerekeze kuti mwamutchula m'thesisi yanu, ndipo mwatolera izi mosasanja, mmene zinkabwerera powerenga. Ndalemba masaneimu okha ndi chaka kuti tione bwino.

```
Kahneman & Tversky 1979
Kahneman 2011
Kahneman, Knetsch & Thaler 1991
Kahneman & Deaton 2010
Kahneman 2003 (A perspective...)
Kahneman, Slovic & Tversky 1982
Kahneman & Krueger 2006
Tversky & Kahneman 1974
Kahneman 1973
Kahneman, Krueger, Schkade, Schwarz & Stone 2004
Kahneman 2003 (Maps of...)
Kahneman, Knetsch & Thaler 1990
Kahneman & Tversky 1973
```

Sitepe yoyamba: chotsani amene si a pabanjapo

Yang'anani dzina loyamba lokha pa mzere uliwonse. Pa mizere 13 imeneyi umodzi si wa pano, ndi uja wa 1974 woyamba ndi Tversky. Umenewo ukupita pa T, kutali uko, ngakhale Kahneman alimo. Ndaonapo anthu akutembenuza mayina kuti "zonse za Kahneman zikhale pamodzi", chonde musayerekeze. Ndondomeko ya mayina mkati mwa pepala limodzi si yanu, ndi ya eni ake, mumakopera mmene anasindikizira. Kahneman ndi Tversky nkhani yawo ndi yodziwika, pa pepala lawo loyamba anachita kuponya kobiri kuti aone woyamba akhala ndani, kenako ankangosinthanasinthana, nchifukwa chake mupeza mapepala ena pa K ena pa T. Mukatembenuza, munthu wofuna kulipeza pepalalo akalisaka pa dzina lolakwika.

Pompano mpomwenso muyenera kutsimikiza kuti mlembi woyambayo ndi munthu mmodzi. Ndi Kahneman palibe vuto, koma kwathu kuno komwe a Banda, a Phiri ndi a Mwale ali paliponse, zimachitika kuti mwatchula a Banda atatu osiyana. Amenewo musawasakanize. Mumawalekanitsa ndi mainisho awo, Banda wa inisho A ayambe ndi mapepala ake onse, olemba yekha ndi olemba ndi anzake omwe, akatha mpomwe Banda wa inisho K akuyamba ndi ake. Masitepe otsatirawa mumawachita pa munthu mmodzi, mukamaliza mupite pa wina.

Tatsala ndi mizere 12.

Sitepe yachiwiri: amene analemba yekha akhale pamwamba

Patulani mizere yonse yomwe ili ndi dzina limodzi. Pano ilipo inayi, 1973, 2011 ndi iwiri ya 2003. Imeneyi ikukhala pamwamba pa ina yonse, zaka zisakunyengeni. Kahneman yekha wa 2011 akubwera patsogolo pa Kahneman ndi Tversky wa 1973, ngakhale pakati pawo pali zaka 38 ndipo winayo ndi wakale. Apa mpomwe mng'ono wanga uja anagwera, anaona 1973 nkumati uyu ndi mkulu ayambe.

Chifukwa chake n'chosavuta mukachiganizira ngati mmene mawu amakhalira mu dikishonale. Mawu akuti "mwana" amabwera patsogolo pa "mwanapiye" poti loyambalo latha pomwe linzake likupitirira. Pamene palibe kanthu pamayamba, pamene pali kanthu pamatsatira. Mzere wa mlembi mmodzi ndi mawu aafupi aja, pamalo pa mlembi wachiwiri palibe munthu, ndiye ukuyamba.

Mkati mwa kagulu aka tsopano mayina afanana, ndiye chaka chikulowa, chakale pamwamba: 1973, 2003, 2003, 2011. Mukanakhala ndi cholemba chopanda chaka, chija timalemba `n.d.`, chikanakhala pamwamba penipeni kuposa 1973, ndipo pepala loti lavomerezedwa koma silinasindikizidwe, la `in press`, likanakhala pansi pa 2011.

Nanga awiri a 2003 aja? Apa timaika timalemba ting'onoting'ono kumapeto kwa chaka, 2003a ndi 2003b, koma funso nloti a ndi uti. Ambiri amapereka a kwa pepala lomwe analitchula koyamba mu chaputala 1, ena amaona mwezi womwe jenolo inatuluka. Mu APA, ngati chaka chokha ndicho chalembedwa mu refarensi, mumaona mutu wa pepala mwa alifabeti, ndipo timawu `A`, `An` ndi `The` tikakhala koyambirira simutiwerengera. Mitu yake ikuyamba chonchi:

```
A perspective on judgment and choice
Maps of bounded rationality
```

Mukangoyang'ana mwachangu munena kuti wa A ayambe. Ayi ndithu. Chotsani `A` uja m'maganizo, mutu woyambawo ukuyamba ndi p, wachiwiri ndi M, ndipo M amabwera P asanafike. Ndiye wa `Maps` ndiye 2003a, wa `A perspective` ndi 2003b. Kachilembo `A` kaja simukufufuta polemba, kakhalebe pamutupo, mukungokadumpha posanja basi.

Ndipo onetsetsani ichi, Kahneman yekha 1973 ndi Kahneman ndi Tversky 1973 safuna a ndi b. Chaka n'chimodzi inde koma alembi ndi osiyana, munthu powerenga mkati mwa nkhani sangasokoneze. Timalembati n'ta mapepala omwe alembi ake ndi omwewo, mu ndondomeko yomweyo, chaka chomwecho.

Sitepe yachitatu, yomwe ndi pamene pagona nkhani

Tatsala ndi mizere 8 yomwe Kahneman ali ndi anzake. Phimbani dzina la Kahneman ndi chala, kapena ndi rula ngati mwapulinta, ndipo phimbaninso zaka. Chomwe mukuyang'ana ndi saneimu ya munthu wachiwiri basi. Musawerenge kuti alembi alipo angati, awiri kaya asanu, APA ilibe nazo ntchito zimenezo. Achiwiriwo ndi awa: Tversky, Knetsch, Deaton, Slovic, Krueger, Krueger, Knetsch, Tversky.

Asanjeni mwa alifabeti. Deaton ayamba. Kenako pali ma K awiri, Knetsch ndi Krueger, apa pitani chilembo ndi chilembo, K afanana, chachiwiri n ndi r, n ayamba, ndiye Knetsch kenako Krueger. Slovic, kenako Tversky kumapeto. Zotsatira zake n'zoti pepala la 2010 la Deaton likukhala pamwamba pa onse olemba ndi anzake, ndipo la 1973 la Tversky, lomwe ndi lakale kuposa onse, likukakhala kumunsi. Maso amakana poyamba, zimaoneka ngati zaka zabalalika, koma ndi mmene ziyenera kukhalira.

Onaninso kuti pepala la anthu atatu la Knetsch lalowa pakati pa la anthu awiri la Deaton ndi la anthu awiri la Krueger. Si kulakwitsa. Mapepala a anthu awiri ndi a anthu ambiri amasakanikirana, wolamula ndi alifabeti ya dzina lachiwiri.

Tsopano pomwe wachiwiri wafanana, sunthani chala chija muone wachitatu. Tili ndi malo atatu otere.

Ma Krueger awiri ndiwo okoma. Lina ndi Kahneman ndi Krueger basi, 2006. Linalo ndi Kahneman, Krueger, Schkade, Schwarz ndi Stone, 2004. Chaka chikuti 2004 ayambe, koma sitinafike pa chaka, tikadali pa mayina. Pamalo achitatu, loyambalo palibe munthu, lachiwirilo pali Schkade. Lamulo lija la "mwana" ndi "mwanapiye" labweranso, lopanda munthu liyamba. Ndiye 2006 akukhala pamwamba pa 2004. Kunena zoona lamulo loti wolemba yekha ayambe si lamulo lapadera, ndi lomweli, limangobwerezedwa pa malo achiwiri, achitatu, achinayi mpaka mayina atatha.

Ma Knetsch awiri: wachitatu ndi Thaler konsekonse, wachinayi palibe konsekonse. Mayina afanana mpaka kumapeto, eya, tsopano chaka chilowe, 1990 kenako 1991. Ma Tversky awiri chimodzimodzi, 1973 kenako 1979.

Zikatha zikuoneka chonchi:

```
Kahneman 1973
Kahneman 2003a
Kahneman 2003b
Kahneman 2011
Kahneman & Deaton 2010
Kahneman, Knetsch & Thaler 1990
Kahneman, Knetsch & Thaler 1991
Kahneman & Krueger 2006
Kahneman, Krueger, Schkade, Schwarz & Stone 2004
Kahneman, Slovic & Tversky 1982
Kahneman & Tversky 1973
Kahneman & Tversky 1979
```

Tawerengani zaka zokha kutsika: 1973, 2003, 2003, 2011, 2010, 1990, 1991, 2006, 2004, 1982, 1973, 1979. Ngati munthu ali ndi mlembi yemwe wabwera kambiri ndi anzake osiyanasiyana koma zaka zake zikungokwera mwaudongo osabwerera mmbuyo, ine ndimadziwiratu kuti wasanja ndi chaka, ndipo nthawi zambiri ndimapezadi kuti ndi choncho.

Kanthu kena kakang'ono, buku la 1982 lija atatuwo anali akonzi, osati kuti analemba machaputala onse okha, ndiye mu refarensi yonse pamakhala `(Eds.)` pambuyo pa mayina. Kameneko sikasintha malo ake, mukusanja ndi mayina omwewo.

Batani la Sort mu Word lija

Ndikudziwa ambiri simuchita pamanja, mumangosankha marefarensi onse nkudina kabatani ka AZ pa `Home`, kenako `Paragraphs`, `Text`, `Ascending`, basi mwamaliza. Pa marefarensi ambiri zimayenda, nanenso ndimayambira pomwepo. Koma pa mlembi wobwerezedwa limakupusitsani, ndipo chopusitsa chake ndi kachizindikiro ka `&`. Taonani mizere iwiri iyi mmene imalembedwera mu APA:

```
Kahneman, D., & Tversky, A. (1979).
Kahneman, D., Knetsch, J. L., & Thaler, R. H. (1990).
```

Kompyuta sidziwa kuti uyu ndi mlembi wachiwiri, imangoyerekeza zomwe zalembedwa kuchokera kumanzere. Mpaka pa mpatuliro wa pambuyo pa `D.` zonse n'zofanana. Chotsatira pa mzere woyamba ndi `&`, pa wachiwiri ndi K. Zizindikiro zimaikidwa patsogolo pa zilembo, ndiye Tversky akukwera pamwamba pa Knetsch, pomwe ife tikufuna K ayambe T atsatire. Mudzazindikira kuti izi zachitika mukaona mapepala onse a anthu awiri aunjikana pamodzi, a anthu atatu kapena kuposa aunjikananso pansi pake. Mu chitsanzo chathu mukanapeza Deaton, Krueger, Tversky, Tversky, kenako mpomwe Knetsch akubwera.

Limakupusitsaninso pa a ndi b aja. Ngati simunaike timalemba musanadine, liona mitu, ndipo `A perspective` uja liuika pamwamba poti silidziwa zodumpha `A`.

Ndiye dinani Sort, palibe choletsa, koma mukatero pitani pa mlembi aliyense yemwe wabwera kawiri kapena kuposa mukonze pamanja. Kusuntha ndime mu Word osachita kudula ndi kumata, ikani kesa pa ndimeyo nkudina `Alt+Shift` pamodzi ndi muvi wokwera kapena wotsika, ndime yonse imasuntha. Mukatha kukonza musadinenso Sort, zibwerera pomwe zinali. Refarensi yatsopano yobwera mochedwa ingoyiikani pamalo pake pamanja. China, ngati munadina `Enter` pakati pa refarensi kuti mzere uduke bwino, Word iwona ngati ndime ziwiri ndipo izimwaza, theka pa K theka kwina. Chotsani ma `Enter` amenewo kaye.

Akachuluka, Excel imathandiza, bola mudziwe msampha wake

Pa thesisi ya masitazi kapena ya udokotala pomwe marefarensi afika mazana, ndipo supavaiza wanu yemweyo mwamutchula ka 20 ndi ophunzira ake osiyanasiyana (zimachitika, tisanamizane), ine ndimatsegula Excel. Kolamu A mlembi woyamba ndi mainisho ake, B wachiwiri, C wachitatu, D wachinayi, E chaka, F mutu wopanda `A`, `An`, `The` koyambirira, G refarensi yonse mmene iyenera kuonekera. Kenako `Data`, `Sort`, nkuwonjezera ma levulo ndi `Add Level`, A kenako B, C, D, E, F mu ndondomeko imeneyo. Chaka chili pambuyo pa mayina onse, ndiye Excel ichita zomwe tachita ndi chala zija.

Msampha ndi uwu: Excel imaika maselo opanda kanthu kumapeto, nthawi zonse, kaya mukusanja chokwera kaya chotsika. Kutanthauza kuti mukasiya kolamu B yopanda kanthu pa mapepala a wolemba yekha, onse anayi aja apita pansi pa Tversky, zosemphana ndendende ndi zomwe tikufuna, ndipo Krueger wa 2006 agwera pansi pa wa 2004. Ine ulendo woyamba ndinakopera zotsatira osayang'ana, ndinadzaona ndikupulinta kale. Mankhwala ake, paliponse pomwe palibe mlembi lembanipo 0. Manambala amabwera patsogolo pa zilembo mukamasanja chokwera, ndiye 0 uja akuimira "palibe munthu" ndipo akwera pamwamba.

```
Kahneman D | 0       | 0       | 0       | 2011
Kahneman D | Krueger | 0       | 0       | 2006
Kahneman D | Krueger | Schkade | Schwarz | 2004
```

Pa kolamu ya chaka, `n.d.` ikani 0, `in press` ikani 9999. Manambala amenewa ndi osanjira chabe, sakulowa mu thesisi, chomwe mukukopera kubwerera ku Word ndi kolamu G yokha. Makolamu anayi a mayina nthawi zambiri amakwana, koma mukaona mizere iwiri yafanana mpaka wachinayi pomwe achisanu ndi osiyana onjezerani kolamu ina, APA 7 imalola kulemba mayina mpaka 20 mu refarensi imodzi ndiye zotere zimapezeka makamaka ku zaumoyo.

Nanga a Zotero ndi Mendeley?

Mapulogalamu amenewa amasanja okha ndipo mukasankha sitayilo yoyenera nthawi zambiri amakhoza. Akalakwitsa, kawirikawiri vuto ndi mmene dzina linalowera. Mu Zotero dzina limatha kulowa m'mabokosi awiri, saneimu payokha dzina loyamba palokha, kapena m'bokosi limodzi. Likalowa m'bokosi limodzi ngati `Daniel Kahneman`, pulogalamu imalitenga ngati dzina la bungwe ndipo pepalalo mukalipeza pa D. Vuto lina ndi loti pepala lina lalowa ndi `Kahneman, Daniel` lina `Kahneman, D.`, apa imatha kuganiza kuti ndi anthu awiri, ndipo chizindikiro chake mudzaona mainisho akutulukira mkati mwa nkhani pomwe simunawafune. Konzani mu Zotero momwemo, dzina lilembedwe mofanana pa mapepala onse, kenako mu Word dinani `Refresh`. Mukasuntha mizere pamanja mu Word pomwe idakali yolumikizidwa ndi Zotero, tsiku lomwe mudzawonjezere refarensi ina zonse zidzabwerera mwakale.

Musaiwale kubwerera mkati mwa nkhani

Kusanja kumakhudzanso zomwe munalemba m'machaputala. Mukapereka 2003a ndi 2003b, pitani paliponse pomwe munalemba Kahneman 2003 muone kuti pamenepo mumanena pepala liti, `Ctrl+F` nkulemba 2003 ndi yokwanira. Ntchito yotopetsa koma palibe njira yachidule, pamafunika kukumbukira kuti mfundo iyi munaitenga mu liti. Ndipo mukadzachotsa limodzi mwa awiriwo, mwina supavaiza wati ndime ija ichoke, lotsalalo libwerere kukhala 2003 wopanda chilembo. Kupeza 2003b pomwe 2003a kulibe ndi chinthu chomwe oyesa amachiona msanga.

Mukamatchula angapo mu bulaketi imodzi, a mlembi yemweyo dzina limalembedwa kamodzi zaka nkumatsatana:

```
(Kahneman, 1973, 2003a, 2003b, 2011)
```

Pa mapepala a anthu atatu kapena kuposa, mkati mwa nkhani APA 7 imati lembani woyamba yekha ndi `et al.` kuyambira ulendo woyamba. Apa mpomwe owerenga amavutikako pang'ono, poti akaona Kahneman ndi anzake 1982 sakudziwa kuti wachiwiri ndi Slovic, ndiye kumarefarensi ayenera kutsika ndi chala mpaka apeze 1982. Ndi mtengo womwe APA inasankha kulipira. Zikachitika kuti mapepala awiri a magulu osiyana afupikitsidwa nkufanana, woyamba yemweyo chaka chomwecho, musathamangire a ndi b. Mumalemba mayina owonjezera mkati mwa nkhanimo, wachiwiri, mwina ndi wachitatu, mpaka awiriwo asiyane, kenako `et al.` kwa otsalawo.

Ngati sitayilo yanu si APA

Apa samalani poti sitayilo yotchedwa Harvard ilibe mwini mmodzi, yunivesite iliyonse ndi jenolo iliyonse ili ndi Harvard yakeyake. Pa mfundo yoti wolemba yekha ayambe pafupifupi onse amagwirizana. Kusiyana kumabwera pa olemba ndi anzawo. Malangizo a Springer mwachitsanzo amagawa patatu: a yekha potengera chaka, kenako a anthu awiri mwa alifabeti ya wachiwiri, kenako onse a anthu atatu kapena kuposa potengera chaka basi. Nzeru yake ndi ija ndanena, owerenga amangoona `et al.` ndi chaka, ndiye bwanji osawasanjira ndi chaka chomwecho. Kunena chilungamo ine njira imeneyi ndimaiona yochitira chifundo owerenga kuposa ya APA, koma maganizo anga sakupatsani malikisi. Mu njira imeneyo mizere yathu 8 ija ikanakhala Deaton 2010, Krueger 2006, Tversky 1973, Tversky 1979, kenako magulu aja 1982, 1990, 1991, 2004. MLA nayo ndi ina, mapepala a mlembi yemweyo imawasanja ndi mutu osati chaka. Ndiye musanayambe tsegulani kabuku ka malangizo ka dipatimenti yanu kapena tsamba la jenolo lomwe limauza alembi zochita, muone chomwe alemba. Akangoti APA, tsatirani zomwe tachita pamwambapa.

Poyesa komaliza ine ndimapulinta masamba a marefarensi okha, nkutenga pensulo, paliponse pomwe saneimu yabwera kawiri motsatizana ndimajambula kamzere m'mbali. Kenako ndimatenga mizere iwiriiwiri yoyandikana, wapamwamba ndi wapansi pake, ndikufunsa kuti awiriwa ayamba kusiyana pati. Akasiyana pa dzina, wapamwamba akhale woyamba mu alifabeti kapena akhale kuti mayina ake atha. Akafanana mayina onse, wapamwamba akhale wa chaka chakale. Chaka chikafanananso, ndione a ndi b ndipo mitu igwirizane nazo. Pa mizere 12 ya Kahneman ndi mafunso 11 okha, mphindi zitatu sizikwana. Za mng'ono wanga zija tinakonza pa foni usiku womwewo, iye akuwerenga mayina achiwiri mokweza ine ndikumuuza woti akwere ndi woti atsike, ndipo pa ma Krueger paja anakana kaye mpaka ndinamuuza kuti awerenge yekha dzina lachitatu pa pepala la 2006, anakhala chete kenako nkuti "palibe".